Mantha Ali Mbali Iti ya Chitseko? Mitundu ya Mafilimu Oopsa

Ndapemphedwa kuti ndiyankhule kwa anthu amene angoyamba kumene kuonera mafilimu oopsa, komanso kwa amene amawathawa koma akufuna kudziwa chimene anzawo amapezamo. Ambiri tikamva za mafilimuwa timangoganiza za magazi, mipeni ndi kukuwa, ngati kuti onse ndi amodzi. Si choncho ayi. Ali m'mitundu, ndipo munthu amene sangapirire mtundu wina akhoza kukonda kwambiri unzake.

Kuti tisasochere ndi mayina, ndikupatsani funso limodzi loti muzinyamula: choopsacho chili mbali iti ya chitseko? Munthu akachita mantha usiku, choyamba amatseka chitseko n'kuika mpiringidzo. Mtundu uliwonse wa filimu yoopsa umachita kanthu kena ndi chitsekocho. Mumtundu wina choopsa chili panja ndipo chikufuna kuthyola. Mumtundu wina chitseko chilibe ntchito chifukwa choopsacho chimadutsa pakhoma. Ndiye pali mtundu womaliza, umene munthu amakhoma chitseko bwinobwino, kenako n'kuzindikira kuti choopsacho analowa nacho yekha. Tiyenda ulendo umenewu kuchokera panja kulowa mkati.

Tisananyamuke, tisiyanitse zinthu zitatu zimene tonse timangozitcha mantha. Choyamba ndi kudzidzimuka: chinthu chagwa mwadzidzidzi, mtima wadumpha, pakapita kamphindi mukuseka. Chachiwiri ndi kunyansidwa kosakanikirana ndi mantha, pamene maso aona chinthu chimene sayenera kuona, monga bala kapena mtembo. Chachitatu ndi nthumanzi, pamene palibe chachitika, koma thupi lachita tsemwe chifukwa mukudziwa kuti chinachake chikubwera. Mlembi wa ku England Ann Radcliffe, m'nkhani yake imene inasindikizidwa mu 1826 iye atamwalira kale, anasiyanitsa ziwiri zomalizazi. Iye ankaona kuti mantha a chinthu chosaoneka bwino amadzutsa maganizo a munthu, pamene kuona choopsa poyera kumawaumitsa. Mpaka lero opanga mafilimu amasankha pakati pa njira ziwirizi, ndipo kusankhako ndi kumene kumabala mitundu imene tikambe.

Tiyambe ndi mtundu umene ambiri amaudziwa, wotchedwa silasha, dzina lochokera ku kutema ndi mpeni. Mmenemu choopsa ndi munthu, kawirikawiri wobisa nkhope, amene akupha anthu mmodzimmodzi ndi chida cha m'manja: mpeni, chikwanje, nkhwangwa. Mfuti siikondedwa, chifukwa mfuti imapha patali, pamene mtunduwu ukufuna wakuphayo afike pafupi mpaka mumve kupuma kwake.

Kholo lake ambiri amati ndi Psycho, filimu ya Alfred Hitchcock ya mu 1960. Mayi wina dzina lake Marion, amene timaganiza kuti ndiye mwini nkhani, akuphedwa m'bafa filimu isanafike ndi pakati pomwe. Kuphako kumatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi, koma kunajambulidwa pafupifupi mlungu wathunthu, n'kudulidwa m'tizidutswa tambirimbiri. Mukakuonera mwachifatse mupeza kuti mumaona mpeni ukukwera, pakamwa pakukuwa, madzi akutsika, koma mabala enieni simuwaona. Magazi amene akuyenderera ndi madzi anali chokoleti chamadzi, popeza filimuyo inalibe mitundu, inali yakuda ndi yoyera basi. Chimene chimabaya ndi kulira kwa mavayolini a Bernard Herrmann. Zotsalazo woonera amadzijambulira yekha m'mutu.

Koma filimu imene inaika malamulo a silasha ndi Halloween ya John Carpenter, ya mu 1978. Inapangidwa ndi madola pafupifupi 300,000, ndalama zochepa kwambiri pa filimu ya ku America. Chigoba chimene wakuphayo, Michael Myers, amavala chinagulidwa m'sitolo: chinali nkhope ya William Shatner wa mu Star Trek, ndipo anangochipaka utoto woyera n'kukulitsa maso. Nkhani yake ndi yaifupi. Mnyamata wa zaka 6 akupha mlongo wake, akutsekeredwa kuchipatala cha amisala, ndipo patapita zaka 15 akuthawa kubwerera kwawo pa nthawi ya chikondwerero cha Halloween. Kumeneko akulonda atsikana atatu. Awiri akufa. Wachitatu, Laurie, amene anaseweredwa ndi Jamie Lee Curtis, mwana wa Janet Leigh yemwe anasewera Marion uja wofera m'bafa mu Psycho, akupulumuka.

Luso la Carpenter lili pa malo amene amaika wakuphayo pachithunzi. Chithunzi chake ndi chotambalala, ndipo m'mbali mumatsala malo opanda kanthu. Laurie akusuzumira pazenera, ndipo pakati pa nsalu zoyanikidwa paima munthu wa nkhope yoyera, akayang'ananso, palibe. Chakumapeto, Laurie watsamira khoma akulira, ndipo pakhomo lamdima lili kumbuyo kwake nkhope yoyera ija ikutuluka pang'onopang'ono, ngati mwezi ukutuluka m'mitambo. Ife tikuiona, iye sakuiona. Apa ndiye pagona silasha: woonera amadziwa zambiri kuposa wolondedwayo, n'chifukwa chake anthu amakuwa kuuza munthu wa pakanema kuti atembenuke. Magazi mu Halloween ndi ochepa zedi. Anachuluka m'mafilimu otsatira, kuyambira Friday the 13th ya mu 1980, pamene opanga anayamba kupikisana pa njira zophera.

Mtsikana wotsala ngati Laurie ali ndi dzina. Carol Clover, mphunzitsi wa payunivesite ku America, anamutcha mtsikana womaliza, ndipo anamufotokoza bwino m'buku lake la mu 1992. Ndi amene amakhala tcheru anzake akusewera, amaona zizindikiro zimene ena akuzinyoza, ndipo pamapeto amamenyana ndi wakuphayo pogwiritsa ntchito chilichonse chimene wachipeza. Laurie akubaya Michael ndi singano yolukira, kenako ndi waya wopachikira zovala. Malamulowa anadziwika kwambiri moti pofika 1996, mu Scream ya Wes Craven, achinyamata a m'filimumo amawatchula okha pakamwa, komabe amafa.

Silasha yabwino mumaizindikira ndi mapu. Muyenera kudziwa kuti khomo lakumaso lili kuti, makwerero ali kuti, ana agona chipinda chiti. Mukadziwa zimenezi mumathawa limodzi ndi wothawayo. Silasha yoipa imapanga anthu ake kukhala zitsiru kuti afe msanga, ndipo woonera amayamba kuchemerera wakupha. Zikafika apo, mantha atha, kwatsala masewera owerenga mitembo.

Tsopano tisunthe pang'ono. Chitseko chidakalipo, koma chimene chikugogoda si munthu. Uwu ndi mtundu wa zilombo. Phunziro lake lalikulu linabwera mwangozi. Pojambula Jaws, imene inatuluka mu 1975, Steven Spielberg anali ndi shaki yopanga ya makina, koma inkangowonongeka m'madzi amchere. Anakakamizika kuibisa. Kwa nthawi yaitali ya filimuyo mumangoona madzi, miyendo ya osambira kuchokera pansi, ndi migolo yachikasu imene nsombayo ikuikoka, uku mukumva nyimbo ya John Williams ya mawu awiri obwerezabwereza. Lamulo lake n'lakuti chilombo chikaoneka chonse chimachepa, chifukwa diso limayamba kuchiyeza, n'kupeza kuti ndi mphira. Ngati chilombo chaoneka bwinobwino m'mphindi khumi zoyamba, dziwani kuti mukuonera filimu ya nkhondo, osati ya mantha.

Pakati pa zilombo pali mtundu wa mazombi, mitembo yoyenda yodya anthu. Monga tikuadziwira lero, anayamba ndi Night of the Living Dead ya George Romero ya mu 1968, ngakhale kuti m'filimumo dzina loti zombi silitchulidwa. Anthu asanu ndi awiri adzitsekera m'nyumba ya pafamu ku Pennsylvania, akukhomera matabwa m'mazenera. Mitemboyo ndi yochedwa ndi yopusa. Munthu akhoza kuithawa poyenda mwachangu. Chimene chikupha anthuwo ndi mkangano wa amuna awiri. Ben akuti tikhale pamwamba pomwe pali njira zothawira. Cooper akuti titsikire m'chipinda chapansi chimene chili ndi khomo limodzi. Akukangana mpaka kulozana mfuti, pamene mwana wa Cooper, amene analumidwa kale, ali gone m'chipinda chapansicho, ndipo akadzuka ndiye akupha mayi ake. Pamapeto Ben yekha ndi amene akupulumuka, ndipo wapulumukira m'chipinda chomwe ankachikana chija. Kutacha akusuzumira pazenera, ndipo gulu la azungu osaka mitembo likumuwombera pamphumi osafunsa. Ben anaseweredwa ndi Duane Jones, munthu wakuda, ndipo filimuyo inatuluka chaka chimene Martin Luther King anaphedwa. Oonera a nthawi imeneyo sanafunike wowamasulira. Ndiye mukamaonera filimu ya mazombi, musataye nthawi ndi a panja. Yang'anani amene atsekeredwa limodzi mkati, chifukwa nkhani ili pa iwo.

Pali mtundu wina umene chitseko chake ndi khungu la munthu. Choopsa chalowa m'thupi ndipo chikulisintha. Katswiri wake ndi David Cronenberg wa ku Canada. Mu The Fly ya mu 1986, wasayansi akuyesa makina osamutsa zinthu, osadziwa kuti ntchentche yalowa naye. Sasanduka tsiku limodzi. Poyamba akumva mphamvu zachilendo ndi njala ya shuga, kenako zikhadabo zikusupuka, mano akugwa, khutu likuthothoka, iye akuziona pagalasi, ndipo mkazi amene amamukonda akuonerera. Mtunduwu umadalira kunyansidwa, ndipo si wa aliyense. Koma amene anadwazikapo munthu wokondedwa n'kuona thupi lake likutha tsiku ndi tsiku amazindikira msanga kuti nkhaniyi si ya ntchentche. Ngati muli ndi mtima wofulumira mseru, uwu ndiwo mtundu woti muuzembe, kuposa silasha.

Tafika pamene mpiringidzo ulibenso ntchito: mafilimu a mizimu, mizukwa ndi ziwanda. Ife kuno sitili alendo kwenikweni pa mtunduwu, poti mafilimu a ku Nigeria, kuyambira nthawi ya Living in Bondage ya mu 1992, anatizoloweza nkhani za munthu wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, kenako mzimu n'kumamulondola. Koma pali kusiyana kumodzi kofunika. M'mafilimu ambiri oterowo anthu a m'nkhani sakayika kuti mizimu iliko. Funso limakhala lakuti walakwa ndani ndipo amupempherera ndani. M'mafilimu ambiri a ku America ndi ku Ulaya, theka la nkhani limathera pa kukana kukhulupirira. Mu The Exorcist ya mu 1973, mayi wa Regan, mtsikana wa zaka 12, sayamba ndi kuitana wansembe. Akupita naye kwa madokotala, akumujambula ubongo, akumupatsa mankhwala, akuitana akatswiri a maganizo. Zonsezi zitakanika ndi pamene akufika kwa Bambo Karras, wansembe amenenso chikhulupiriro chake chikugwedezeka mayi ake atamwalira ali okha. Mantha a filimuyi amakula pamene makomo a thandizo akutsekeka limodzilimodzi.

Filimu ya mizimu imayenda ndi malamulo ake, ndipo woonera ayenera kuwaphunzira. Ringu ya ku Japan, ya Hideo Nakata ya mu 1998, ndi chitsanzo choyera. Ukaonera tepi ina ya vidiyo, foni imalira, ndipo umafa pakatha masiku asanu ndi awiri. Filimu yonse ndi kuwerenga masiku. Pamene mukuganiza kuti mzimu wapepesedwa, mtsikana wa tsitsi lophimba nkhope akutuluka m'chitsime pakanema, n'kukwawa kutuluka mu wailesi ya kanemayo kulowa m'chipinda. Njira yokha yopulumukira ndi kukopera tepiyo n'kuonetsa munthu wina. Mtunduwu umalephera pamene mzimu ulibe malamulo, ukuchita chilichonse nthawi iliyonse. Pamenepo woonera alibe choti aziopa kuti chichitika, amangodikira phokoso lotsatira.

Phokoso limenelo tilikambe, chifukwa ndi limene limasokoneza anthu ambiri ongoyamba. Kudzidzimutsa kuli ndi mbiri yake. Mu Cat People ya mu 1942, imene anapanga Val Lewton ndi Jacques Tourneur, mayi akuyenda yekha usiku mumsewu, akumva mapazi kumbuyo. Mapaziwo akuleka. Kuli zii. Iye akufulumira, akucheuka, ndipo mwadzidzidzi pakumveka mkokomo ngati wa kambuku. Ndi basi chabe, yaima pambali pake, mabuleki akufwenthera. Mpaka lero opanga mafilimu amatcha chinyengo chotere basi ya Lewton. Taonani kuti chimene chinagwira ntchito si basiyo, koma bata limene linaitsogolera. Ndiye nayi njira yoyesera filimu iliyonse: tsitsani mawu mpaka ziii, muonere chigawo chimene chinakudumphitsani. Ngati chikuchititsabe nthumanzi, opanga ake ndi amisiri. Ngati palibe chotsala, anangokuombani m'manja kukhutu, zimene mwana aliyense angathe.

Tsopano tilowe m'chipinda chomaliza, cha mantha a m'maganizo. Muno mulibe mpeni, mulibe chilombo chooneka, ndipo mwina simufa munthu mpaka kumapeto. Funso lake si lakuti apulumuka ndani, koma lakuti kodi zimene munthuyu akuona ndi kumva zilikodi. Ndikufuna tikhalitse pa filimu imodzi, The Haunting ya mu 1963, ya Robert Wise, yochokera m'buku la Shirley Jackson la mu 1959. Wise anayamba kutsogolera mafilimu pansi pa Val Lewton yemwe uja wa basi, ndipo dzanja la mphunzitsi wake limaoneka.

Nkhani ndi iyi. Dokotala Markway, wofufuza za mizimu, wabwereka chinyumba chakale chotchedwa Hill House, chimene chili ndi mbiri ya imfa. Waitana anthu oti akhale naye. Abwera amayi awiri, Eleanor ndi Theo, ndi mnyamata Luke wa kubanja la eni nyumba. Filimu isanatilowetse m'nyumbamo, imatiuza zinthu ziwiri, ndipo zonse zotsatira zaima pa ziwirizi.

Choyamba ndi cha nyumbayo. Munkakhala mayi wina wokalamba, Abigail, amene ankasamalidwa ndi mtsikana wantchito. Usiku wina gogoyo anagogoda khoma ndi ndodo kuitana thandizo, koma mtsikanayo anali pakhonde ndi mwamuna, ndipo gogoyo anafa. Chachiwiri ndi cha Eleanor. Iye anatha zaka 11 akudwazika mayi ake. Tsopano mayiwo amwalira, iye alibe nyumba, amagona pabalaza kwa mchemwali wake, ndipo kuti abwere kuno wachita kutenga galimoto mozemba. Pambuyo pake timamva chimene chikumudya: usiku umene mayi ake anamwalira, anagogoda khoma, ndipo Eleanor sanapite.

Ndiye usiku woyamba ku Hill House, n'chiyani chikuchitika? Kugogoda. Eleanor akudzuka m'tulo akuyankha ngati akuitanidwa ndi mayi ake, asanakumbuke kumene ali. Akuthamangira kuchipinda kwa Theo, ndipo awiriwo akukumbatirana pakama pamene chinthu chikumenya makoma m'khonde lamkati, chikuyandikira, chikuima pakhomo pawo, chikupapasa m'mbali mwa chitseko. Kamera ikungoyang'ana chitseko ndi nkhope zawo. Chitseko sichitseguka. Palibe chooneka. Taonani mmene msampha watcheredwera. Mukanena kuti ndi mzukwa wa gogo Abigail, muli ndi umboni, poti Theo nayenso wamva. Mukanena kuti ndi chikumbumtima cha Eleanor, mulinso ndi umboni, poti pa maphokoso onse a padziko, nyumbayi yasankha lomwelo limene iye amaliopa. Filimu siikuthandizani kusankha.

Usiku wina ndi umene anthu amaukumbukira kwambiri. Amayi awiriwa tsopano akugona chipinda chimodzi. Mumdima Eleanor akumva mawu a mwamuna akung'ung'udza kuseri kwa khoma, kenako kulira kwa mwana. Kamera ikuyang'ana maluwa ozokotedwa pakhoma, ndipo mukayang'anitsitsa mumayamba kuonamo maso ndi pakamwa, ngakhale kuti palibe chimene chasintha. Eleanor wagwira dzanja la Theo, ndipo dzanjalo likumufinya mpaka kupweteka. Atalephera kupirira akukuwa, nyali ikuyaka, ndipo Theo ali pakama kutsidya la chipinda, akungodzuka kumene. Eleanor ali yekha pampando wogonapo, dzanja lake lili lotambasula, mulibe kanthu. M'chigawo chonsechi munali khoma, mdima, mawu ndi nkhope imodzi. Koma chimene chakhudzidwa ndi chinthu chimene tonse timadalira tikachita mantha usiku, dzanja la mnzathu. Silasha imakuopsani ndi mdani. Apa mwalandidwa chitonthozo chenicheni.

Chitseko chikubweranso kumapeto. Onse anayi ali m'chipinda chimodzi, kugogoda kwabwerera, ndipo chitseko chachikulu chathabwa chikufufuma kulowa mkati n'kubwerera, ngati chifuwa cha munthu wopuma. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zochepa zachilendo zimene maso athu amaona poyera m'filimu yonse. Koma pofika apa choopsa chenicheni chasamuka kale. Eleanor sakufunanso kuthawa. Nyumbayi ndi malo oyamba amene anamuitana ndi dzina, poti dzina lake linapezeka litalembedwa pakhoma, ndipo iye amene sanafunidwepo ndi aliyense wayamba kumva kuti kwawo ndi kuno. Anzake akuona kuti akudwala, akumukakamiza kuchoka. Akuyendetsa galimoto kulowera kuchipata, chiwongolero chikumupulumuka, ndipo akuomba mtengo womwewo pamene mkazi woyamba wa mwini nyumba anafera zaka 90 zapitazo. Kodi nyumba inamupha, kapena anadzipha? Anthu otsala m'filimumo sagwirizana, ndipo nanunso mukatuluka simugwirizana ndi amene munakhala naye pafupi.

Mukaona mmene filimuyi yamangidwira, mwapeza maziko a mtundu wonsewu. Pamakhala munthu mmodzi amene tatsekeredwa m'maganizo mwake; mu The Haunting timamva ngakhale zimene Eleanor akudziyankhulira mumtima. Munthuyo amakhala ndi bala lakale, ndipo choopsa chimabwera chitavala maonekedwe a balalo. Ndipo pamakhala mafotokozedwe awiri amene onse akuima mpaka kumapeto. Muziyang'ana zomwezi mu The Babadook ya Jennifer Kent ya ku Australia, ya mu 2014, mmene mayi amene mwamuna wake anafa pangozi akumuperekeza kukabereka akulera yekha mwana wovuta, ndipo chilombo cha m'buku la ana chikukula molingana ndi kutopa ndi mkwiyo umene iye sakufuna kuvomera. Pamapeto chilombocho sichiphedwa. Chikukhala m'chipinda chapansi, ndipo mayiyo amachipatsa chakudya. Muzionanso mu His House ya Remi Weekes ya mu 2020, mmene banja lothawa nkhondo ku South Sudan lapatsidwa nyumba ku England ndi lamulo loti lisachokemo, pamene m'makoma mukumveka zimene anachita panjira kuti apulumuke.

Mtunduwu nawo uli ndi matenda ake. Oyamba ndi kuchedwa kopanda kanthu. Filimu yabata si yofanana ndi filimu yogona. Muyeso wake ndi uwu: pakatha chigawo chilichonse, kodi pali chinthu chimodzi chimene munthu uja ankachidalira chimene tsopano chachoka? Eleanor akutaya tulo, kenako chikhulupiriro mwa Theo, kenako chiyembekezo mwa dokotala atadziwa kuti ndi wokwatira, kenako chilakolako chothawa. Ngati mphindi makumi atatu zadutsa munthu ali monga analili, filimuyo ikungokudyerani nthawi. Matenda achiwiri ndi kumasulira. Dokotala akabwera kumapeto n'kufotokoza kuti zonse zinali maloto kapena misala, nthumanzi yonse imatuluka ngati mpweya m'thayala. Ngakhale Psycho ili ndi chigawo chotere chakumapeto, ndipo ambiri amachiona ngati chofooka kuposa zonse m'filimuyo.

Wina afunsa kuti ndiyambire pati. Yankho lili pa chimene simungapirire. Ngati mumadana ndi magazi, musaganize kuti mafilimu abata ndiwo opepuka. Ndi amene amakutsatani kunyumba. Silasha imakuopsani kwa ola limodzi ndi theka, koma magetsi akayaka yatha, chifukwa mukudziwa kuti Michael Myers sakhala mtauni yanu. Wongoyamba amene akufuna kudumpha ndi kuseka ndi anzake ayambe ndi Halloween kapena Jaws. Amene akufuna nkhani yoti akambirane mawa ayambe ndi Night of the Living Dead. The Haunting muisunge mpaka tsiku limene mungathe kuionera mwabata, mawu akumveka bwino, foni ili kutali, chifukwa theka la filimuyo lili m'makutu. Ndipo amene wangoferedwa kumene, kapena amene mtima wake sunakhazikike, adikire kaye. Mafilimu a m'maganizo amafunafuna bala, ndipo akalipeza salinyengerera.

Kumbukiraninso kuti malire a mitunduyi si mipanda ya njerwa. Alien ya mu 1979 ndi filimu ya chilombo, koma anthu ake amafa mmodzimmodzi ngati mu silasha, ndipo chilombocho chimabadwira m'chifuwa cha munthu. Halloween yomwe ija imathera mwa njira ya filimu ya mizimu: Michael wawomberedwa kasanu ndi kamodzi, wagwa kuchokera pakhonde lam'mwamba, koma pansi palibe mtembo, ndipo kamera ikutionetsa zipinda zopanda anthu, makwerero, msewu, uku tikumva kupuma kwake paliponse. Dzina la mtundu limangokuuzani kumene muyambire kuyang'ana.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. M'mafilimu onse amene takambawa, anthu amalimbana kuti chitseko chikhale chotseka: Laurie akudzitsekera m'kabati ya zovala, Ben akukhoma matabwa, mayi wa Regan akuima panja pa chipinda cha mwana wake. Eleanor yekha ndi amene pamapeto pake akufuna chitseguke, chifukwa chimene chikugogoda panja ndi chimene chakhala chikumupweteka mkati kuyambira usiku umene mayi ake anamwalira. Mukadzaonera filimu yoopsa ulendo wotsatira, m'mphindi zoyambirira pezani chitseko, muone amene ali mbali iyi ndi chimene chili mbali inayo, ndipo mufunse ngati pali wina mkatimo amene akulakalaka kutsegula. Mukatero mudzadziwa mtundu wa filimu imene mwaikhalira, komanso ngati mugone bwino usiku umenewo.